Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Blantyre ndi lula ndi ulusi

Amene muli ndi mapu m'nyumba, kaya a pakhoma kaya a m'buku la mwana wasukulu, atengeni muwayale pamphasa kapena patebulo. Mutengenso lula, pensulo, kapepala kowongoka m'mbali ndi ulusi wosokera. Amene mulibe musadandaule, ingotcherani khutu, masamu ake ndi a pamtima.

Sabata zapitazo mdzukulu wanga wa Fomu 3 anandipeza pakhonde ali ndi pepala m'manja. Kusukulu anawapatsa mapu a mbali ina ya dziko lino ochita fotokope, n'kuwauza kuti apeze mtunda wochokera ku Lilongwe kufika ku Blantyre. Iye anati, "Agogo, ndapeza makilomita 170." Ine ndinaseka. Msewu umenewu ndauyenda kambirimbiri, ndipo ndikudziwa kuti umapitirira pang'ono makilomita 300. Ndinati, "Iwe, 170 ndiye kuti basi yakutsitsira chakwa Ntcheu. Bwerezanso." Anabwereza ine ndikuona, ndipo sanaphonye paliponse. Lula anagwira bwino, kuchulukitsa anachulukitsa bwino, yankho n'kutulukanso 170.

Nditalowa m'nyumba ndinatenga mapu anga akale, ndinayeza, n'kupeza 240. Tsono manambala anakhala atatu pa ulendo umodzi: 170 wa mwana, 240 wa lula yanga, ndi 300 ndi kanthu wa msewu. Lero ndikufuna tiyende nawo manambala atatuwa mpaka tione kumene iliyonse ikuchokera.

Tiyambe ndi mawu akuti sikelo. Ambirife sikelo imene timaidziwa ndi ya pamsika, yoyezera nyama kapena chimanga. Ya pamapu siyeza kulemera. Imangotiuza kuti amene anajambula mapuwo anachepetsa dziko kangati kuti likwane papepala. Mukayang'ana m'munsi mwa mapu, kapena pakona, mupeza manambala awiri olekanitsidwa ndi timadontho tiwiri. Pa mapu anga palembedwa 1:1,000,000. Tanthauzo lake ndi lakuti kamtunda kamodzi papepala kakuimira timitunda totero miliyoni imodzi pansi pamene timaponda. Onani kuti sanalembepo kuti masentimita kapena mainchesi. N'chifukwa choti muyeso uliwonse ukulowa. Chala chimodzi papepala ndi zala miliyoni pansi. Sentimita imodzi papepala ndi masentimita miliyoni pansi.

Koma ndani anauzapo mnzake kuti kwathu ndi masentimita mamiliyoni akutiakuti? Tiyenera kuwasandutsa makilomita, ndipo apa ndi pamene ana ambiri amagwera. Mita imodzi ili ndi masentimita 100. Kilomita imodzi ili ndi mamita 1,000. Ndiye kuti kilomita imodzi ili ndi masentimita 100,000, nambala ya maziro asanu. Gwirani maziro asanuwo, chifukwa ndiwo mfungulo. Tengani nambala yaikulu ija ya pasikelo, mufufute maziro asanu kumapeto kwake. Chotsalacho ndiwo makilomita amene sentimita imodzi ikuimira. Miliyoni ili ndi maziro asanu ndi limodzi. Mukafufuta asanu, patsala 10. Pa mapu anga, sentimita imodzi ndi makilomita 10.

Tsopano tiyeze. Ikani lula kuti chizindikiro cha ziro chikhale pakati penipeni pa kadontho ka Lilongwe. Ndikuti ziro, osati nsonga ya lula. Malula ambiri ali ndi kampata nsonga isanafike pa ziro, ndipo ena amayambira pa 1 ngati akuwerenga mbuzi m'khola. Amene wayambira pa 1 watayika kale ndi makilomita 10 asanachoke n'komwe mu Lilongwe. Muonetsetsenso kuti mukuwerenga mbali ya masentimita, chifukwa mbali ina ya lula imakhala ya mainchesi. Mukatero, tembenuzani lula mpaka m'mphepete mwake mudutse pakati pa kadontho ka Blantyre. Pa mapu a 1:1,000,000 muwerenga masentimita pafupifupi 24. Chulukitsani 24 ndi 10. Mwapeza makilomita 240.

Nanga mwana uja 170 anaitenga kuti? Nditayang'anitsitsa pepala lake ndinaona kuti zilembo zake n'zing'onozing'ono ngati nyerere, ndipo pamenepo ndinazindikira. Mapu amene anakachita fotokope anali papepala lalikulu la A3, koma makina anawachepetsa kuti akwane pa A4. Makina akamachepetsa chotere, pagalasi pake pamaoneka 71%. Ndiye kuti chilichonse cha papepalapo chimafupika, n'kutsala magawo 71 pa 100 alionse. Masentimita 24 aja anasanduka 17. Koma makina sadziwa kuwerenga. Nambala ija ya 1:1,000,000 anangoikopera momwe inalili, ingoti zilembo zake zinachepa. Mwana anachulukitsa 17 ndi 10 mokhulupirika, n'kupeza 170. Sikelo yolembedwayo inali ikunena za pepala lina limene iye sanalionepo.

Izi sizichitika kusukulu kokha. Mapu a m'nyuzipepala, a m'malipoti, a pakalendala, ngakhale amene mwawajambula ndi foni n'kukawasindikiza, onsewa amakhala atakulitsidwa kapena kuchepetsedwa. Ine maganizo anga ndi akuti nambala ya sikelo muziikhulupirira pokhapokha pamene mwagwira mapu enieni, monga anatulukira kwa owasindikiza. Pena paliponse funani sikelo ina ija, yojambula.

Sikelo yojambula ndi kamzere kokhala ngati lula kamene kamakhala m'munsi mwa mapu, kogawidwa zigawozigawo, kolembedwa 0, 50, 100 ndi mawu oti makilomita. Ubwino wake ndi woti kamzereka kali papepala lomwelo ndi matauni. Mapu akafupika, nako kamafupika nawo. Akatalika, katalika nawo. Pa pepala la mdzukulu wanga kanalipo, koma iye ankakayesa chokongoletsa.

Kagwiritsidwe kake ndi aka, ndipo safuna n'lula yomwe. Tengani kapepala kanu kowongoka m'mbali kaja. Kagonekeni pamapu kuti m'mphepete mwake mukhudze Lilongwe ndi Blantyre nthawi imodzi. Lembani kachizindikiro ka pensulo pamene pali Lilongwe, kena pamene pali Blantyre. Nyamulani kapepalako mupite nako pa sikelo yojambula, muike chizindikiro choyamba pa ziro. Kamzere ka sikelo kamakhala kafupi, tinene kuti kakuthera pa 100. Lembani pakapepala pamene 100 wafika, musunthe, muyambirenso pa ziro. Ife tinapeza kuti 100 analowa kawiri, n'kutsala kachidutswa. Kachidutswako tinakayeza pa kamzere komweko, kanafika cha pa 40. Zonse pamodzi 240, pa pepala lomwelo limene linapereka 170. Mwana anandiyang'ana ngati ndachita matsenga.

Pa mapu ambiri muona kuti ziro sali kumapeto kwa kamzereko. Kumanzere kwa ziro kumakhala chigawo chimodzi chogawidwa tizigawo ting'onoting'ono. Chimenecho anachiikira dala choyezera tizidutswa totsala. Mumaika chizindikiro chanu cha kumanja pa nambala yathunthu, ndipo cha kumanzere chimakagwera m'tizigawo timeneto, n'kuwerenga zotsalazo kuyambira pa ziro kubwerera m'mbuyo. Chenjezo limodzi lokha: mapu akale ena ali ndi mizere iwiri, wina wa makilomita wina wa mamailosi. Mailosi imodzi ndi kilomita imodzi ndi mamita 600 ndi kanthu, choncho mukasokoneza mizereyi yankho lanu liphonya kutali. Werengani mawu olembedwa pambali pa mzere musanayambe.

Wina afunsa kuti, bwanji ngati fotokope inadula m'munsi monse, sikelo yolembedwa palibe, yojambula palibenso? Njira ilipo, bola mapuwo akhale ndi mizere ija yopingasa ya latichudi, yolembedwa madigiri m'mbali. Kulikonse padziko lapansi, kuchokera pa digiri imodzi ya latichudi kufika pa yotsatira ndi makilomita pafupifupi 111. Lilongwe ali pafupi kwambiri ndi mzere wa madigiri 14 kummwera. Yezani kuchokera pa mzere wa 14 kutsikira pa wa 15. Pa mapu anga ndi masentimita 11 ndi kanthu, zogwirizana ndi makilomita 10 pa sentimita. Pa pepala la mwana panatuluka masentimita osakwana 8. Pomwepo mwadziwa kuti pepala linachepetsedwa, ndipo mukagawa 111 ndi 8 mupeza kuti sentimita yake imodzi ikuimira makilomita pafupifupi 14. Chulukitsani 17 ndi 14, mufika pa 238. Tabwerera pakhomo pa 240 paja. Koma izi muzichita ndi mizere yopingasa yokha. Mizere yotsika, ya longichudi, imanka niyandikana mukamatalikira pakati pa dziko, choncho mpata wake si umodzi paliponse.

Nambala yoyamba tathana nayo. Yatsala nkhani ya 240 ndi 300 ndi kanthu, ndipo apa palibe amene walakwa. Onse ndi mayankho oona a mafunso awiri osiyana.

Lula imayenda ngati khwangwala. Taonani bwino pamene m'mphepete mwa lula yanu mukudutsa. Ikachoka mu Lilongwe kulowera kummwera chakum'mawa, posakhalitsa yatuluka m'dziko lino. Ikudutsa m'dera la Angonia ku Mozambique, kenaka n'kubwereranso ku Malawi kudzera m'mapiri a chakumadzulo kwa Shire. Lula siifunsidwa pasipoti, ndipo mlatho siiufuna. Basi ndiye siingatero. Msewu wa M1 umadzera ku Nathenje, ku Dedza, n'kutsata malire kudutsa pa Lizulu mpaka ku Ntcheu. Kuchoka apo ufika pa Chingeni, utsikira ku Phalula, ukawoloka Shire pa mlatho wa Zalewa, n'kukwera kudzera ku Lirangwe ndi Lunzu. Kukhota konseku ndiko kukuwonjezera makilomita pafupifupi 70. Tinene kuti galimoto yanu imayenda makilomita 10 pa lita imodzi. Mukadalira lula muthira malita 24, ndipo adzakutherani musanaone nyumba za Blantyre. Mufunika 31 kapena kuposerapo.

Kuyeza msewu ndiyo ntchito ya ulusi. Sankhani ulusi wosatamuka, wa thonje wosokera zovala. Wa ubweya wolukira majuzi ayi, chifukwa umatalika mukaukoka. Ine ndimaunyowetsa pang'ono ndi malovu kuti ugone papepala osadzuka. Mangani kamfundo kunsonga, muike mfundoyo pa Lilongwe. Ndi chala chimodzi tsinani ulusi, ndi chinacho muugoneke pamwamba pa mzere wa msewu, pang'onopang'ono, kona ndi kona. Mukagoneka kachigawo, sunthani chala chotsina chifike pamene mwalekeza, kenaka mupitirize. Mukafika pa Blantyre detsani ulusi ndi bolopeni pamalopo. Unyamuleni, muuwongole pa lula osaukoka mwamphamvu, muwerenge kuchokera pa mfundo kufika podetsedwa paja.

Ulendo wautali chotere ndi bwino kuudula. Yezani Lilongwe mpaka Dedza, mulembe. Mupeza masentimita 8 ndi kanthu, ndipo n'zoona, chifukwa msewu wa ku Dedza ndi makilomita pafupifupi 85. Kenaka Dedza mpaka Ntcheu, Ntcheu mpaka Zalewa, Zalewa mpaka Blantyre, n'kuphatikiza zonse kumapeto. Ulusi ukaterereka, mwangotaya kachigawo kamodzi, simubwerera ku Lilongwe. Amene alibe ulusi angathe kugwiritsa kapepala kaja. Amagoneka m'mphepete mwake pa kachigawo kowongoka ka msewu, pofika pa kona amabaya ndi nsonga ya pensulo, n'kuzunguza kapepala mpaka kagwirizane ndi kachigawo kotsatira. Njira imeneyi ndi yaukhondo, koma pa msewu wokhotakhota kwambiri imadula makona, ndiye ine ndimakonda ulusi.

Ife tinayeza katatu, ndipo ulusi unatipatsa masentimita ozungulira pa 30, nthawi zina kuchepera pang'ono. Ndiye kuti makilomita pafupifupi 300. Tayandikira, komabe tapereweza pang'ono poyerekeza ndi zimene galimoto imawerenga. Kupereweraku sikochokera ku dzanja lonjenjemera la nkhalamba ayi. Kuli ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chimandisangalatsa.

Pa mapu a 1:1,000,000, milimita imodzi, kamzere kamodzi kakang'onong'ono ka pa lula, ndi kilomita yathunthu. Mzere wofiira umene ukuimira msewu umakhala wonenepa pafupifupi milimita imodzi kuti maso auone. Mukautenga monga momwe ulili, ndiye kuti M1 ndi yotambalala kilomita imodzi! Wojambula mapu sangachitire mwina. Koma zotsatira zake ndi zakuti kona iliyonse yaing'ono, kukhota kulikonse kozemba chulu kapena kotsata mtsinje, kumamira mkati mwa mzere wonenepawo. Msewu wa papepala ndi wowongoka kuposa msewu wa pansi. N'chifukwa chake ulusi nthawi zambiri umapereka nambala yochepera, ndipo m'mapiri ndi momwe umaperewera kwambiri. Amene munatsikapo msewu wa Khwekhwerere wopita ku Golomoti, kapena kukwera wa Gorodi wochokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia, mukudziwa makona ake. Pa mapu a dziko lonse makona onsewo amangooneka ngati kamzere kopindika kawiri katatu.

Pano ndipatuke pang'ono. Anthu ambiri amaganiza kuti chimene chimatalikitsa msewu wa m'mapiri ndi chitunda, poti mapu ndi athyathyathya ndipo saonetsa kukwera. Chitunda chimawonjezeradi, koma pang'ono zedi. Msewu woti papepala ndi makilomita 10, ngakhale utakwera kilomita yathunthu m'mwamba, umangotalika ndi mamita 50 okha. Chimene chitunda chimadya ndi mpweya wa munthu ndi mafuta a galimoto. Mtunda amautalikitsa ndi makona.

Ngati mukufuna yankho lolondola kwambiri, funani mapu amene nambala yake ya sikelo ndi yaing'ono. Dipatimenti yoyeza malo ya boma ili ndi mapu a 1:250,000 komanso a 1:50,000. Lamulo la maziro asanu limagwira ntchito pa onsewa, kungoti maziro akakhala osakwana asanu mumasuntha kadontho. Pa 250,000, kuwerenga malo asanu kuchokera kumapeto kumakusiyani ndi 2.5, ndiye kuti sentimita imodzi ndi makilomita awiri ndi theka. Tiyese ndi Blantyre ndi Zomba. Pa sikelo imeneyi lula ikupatsani masentimita pafupifupi 22. Chulukitsani 22 ndi 2, mupeza 44. Onjezerani theka la 22, lomwe ndi 11. Zonse ndi makilomita 55 a khwangwala, pamene msewu wodzera ku Namadzi ndi Thondwe umapitirira 60. Pa 1:50,000 sentimita imodzi ndi theka la kilomita, ndiye kuti masentimita awiri ndiwo kilomita imodzi. Mapu amenewa ndiwo ana amakumana nawo pa mayeso a Jogalafe, ndipo ali ndi timabokosi, kalikonse kilomita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Musanagwire lula, werengani timabokosi pakati pa malo awiriwo. Ngati ndi 6 ndiye yankho lanu latuluka makilomita 60, mwadziwa kuti ziro wina wakuzembani.

Kufunsa yankho ngati likumveka ndi chizolowezi chimene ndikanakonda mwana aliyense akanakhala nacho. Malawi yense, kuchokera ku Chitipa kufika ku Nsanje, sakwana makilomita 1,000. Ukapeza kuti Lilongwe ndi Blantyre atalikirana makilomita 2,400, kapena 24 okha, usalembe. Bwerera ku maziro.

Chinanso n'chakuti musalonjeze zimene mapu sangathe. Tauni si kadontho. Lilongwe amene mukuyezayo ndi uti, wa ku depoti ya mabasi kapena wa ku Kanengo? Blantyre wake ndi wa ku Wenela kapena wa ku Limbe? Malo amenewa atalikirana makilomita angapo, koma pa mapu a dziko lonse amalowa m'kadontho kamodzi kapena tiwiri togundizana. Nsonga ya pensulo yokha, ikakhala yobuntha, yaphimba kilomita. Choncho amene walemba kuti makilomita 240.35 wangodzivutitsa. Nenani kuti pafupifupi 240, mwatha.

Ndipo zonse ndanenazi ndi za mapu a dziko limodzi kapena chigawo chake. Mapu a dziko lonse lapansi a pakhoma la kalasi ndi nkhani ina. Dziko ndi lobulungira ngati lalanje, ndipo khungu la lalanje silingayalike papepala osatamuka pena. Pa mapu ambiri otere sikelo yolembedwayo ndi yoona pakatikati pokha, ndipo mayiko a kumtunda kwenikweni ndi kumunsi kwenikweni amaoneka otupa. Musayeze ulendo wa Lilongwe mpaka London ndi lula pamenepo.

Mdzukulu wanga anabwerera kusukulu ndi mayankho awiri papepala lake, 240 wa mzere wowongoka ndi pafupifupi 300 wa ulusi, ndipo pansi pake analemba kuti mapu anachepetsedwa pochita fotokope. Aphunzitsi amene mukundimva, pempho langa ndi ili: mukamachepetsa mapu kuti akwane papepala, fufutani nambala ya sikelo, musiye kamzere kojambula kokha, kapena muuze ana kuti ndiko agwiritse ntchito. Enanu omvera, madzulo ano yezani mtunda wochokera pa boma lanu kufika pa boma loyandikana nalo, kamodzi ndi lula, kamodzi ndi ulusi, ndipo mawa mukafunse dalaivala wa minibasi kuti galimoto yake imawerenga makilomita angati pa msewu womwewo.